Kope la Nyimbo la Amayi

Chaka chitatha chimwalirireni amayi, amalume anabwera kunyumba ya kampani komwe ndinkakhala, atanyamula kope la nyimbo la malemuwo, lothimbirira ndi utsi. Anachoka ku Limbuli pa njinga. Anati pa tsiku lovundukula chiliza akufuna kwaya iimbe nyimbo ya Chilomwe imene mlongo wawo ankaikonda, koma ana a kwaya sankaidziwa. Poti ine ndinali taipisiti mu ofesi ya esiteti ya tiyi, ndiitayipe, ndisindikize, mwana aliyense akhale ndi pepala lake.

Chilomwe changa chinali chongokwanira kumva ndikamatukwanidwa. Masiku amenewo kusukulu ndi pa wailesi kunali Chichewa ndi Chingerezi basi, ndipo ine ndinakula ndikuchita manyazi amayi akachilankhula pamaso pa anzanga. Ndinawauza amalume zimenezi.

"Makinawo amafunsa mtundu wa munthu?" anatero. "Iwe ungotayipa zimene analemba amako."

Kutayipa sikunavute. Ndinatayipa pa sitensulo, pepala lofewa lija limene makina amaboola kuti inki idutsepo posindikiza. Chovuta chinali kuona ngati ndalakwitsa. Ndikawerenga kuchokera pamwamba, maso ankangothamanga, mawu ndikuwaona momwe ndikuwaganizira. Zala nazo zinali zitandichita chipongwe: mawu ofanana ndi a Chichewa zinkangowatembenuza kukhala a Chichewa.

Ndiye ndinachita zimene anatiphunzitsa kusukulu yotayipa. Ndinayambira pa liwu lomaliza kubwerera m'mbuyo, rula ili pansi pa mzere, chala china pa kope la amayi. Ukamawerenga chobwerera, tanthauzo silikunyenga chifukwa palibe. Umangoona zilembo. Ndinapeza zolakwa zambiri moti mankhwala ofiira ofufutira aja anandipweteketsa mutu ndi fungo.

Pena inki ya m'kope inali itasungunuka ndi chinyezi. Pamenepo ndinkasakasaka liwulo m'Chipangano Chatsopano cha Chilomwe chimene tinabwereka kwa mkulu wa mpingo, chopanda chikuto, chochokera kutsidya kwa malire. Liwu limodzi linkatha kundidyera ola lathunthu. Likasowa, ndinkafunsa amalume, amene anali atatsimikiza zogona kwathu mpaka ntchito ithe.

Apa ndiye panali pondipsetsa mtima. Amalume sankadziwa kuwerenga, ndipo liwu lokhalokha sankaliyankha.

"Liwu ili n'loona, amalume?"

"Liti? Mwana iwe, nyimbo saiyambira kumchira ngati ukusenda mbewa. Tadikira."

Basi n'kuyamba kuimba kuchokera poyambirira, ndi besi lawo lija. Amati akaimba mzere umodzi n'kukhala chete, akugogoda pansi ndi ndodo, kenako mzere wina, n'kukhalanso chete. Ine ndinkayesa kuti ndi befu la ukalamba. Liwu langa lili mu ndime yachinayi, iwo akadali kugogoda mu yoyamba. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira.

"Amalume, ndikufuna liwu limodzi, osati mapemphero onse. Siyani kuimba."

Anasiya, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Ndinamva chisoni, koma pang'ono pokha, chifukwa ntchito inayamba kuyenda. Ndinadutsamonso chobwerera kawiri. Panalibe chilembo chosiyana ndi cha amayi, ndipo ndinadzitama. Chamtsogolo sindinawerengenso. Ndinkati ndiwerengerenji zimene ndikumva theka lokha.

Lachisanu ndinasindikiza. Loweruka madzulo, mawa lake kuli mwambo, tinasonkhana m'tchalitchi ku Limbuli kuti kwaya iyeserere. Ndinagawa mapepala akununkhabe inki. Amalume anaimba mzere woyamba kuti ana agwire kamvekedwe kake, anawo anatsatira bwino, n'kulowa mzere wachiwiri osapuma.

"Imani," anatero amalume. "Mukuthamangira kuti? Wotsogolera sanaimbe. Ndani akutsogolera?"

Ana anayang'anizana. Amalume anatembenukira kwa ine.

"Mupatse mtsikana mmodzi mawu a amako aja."

"Mawu ake ndi omwewa, amalume. Zonse za m'kope zili apa."

"Awa ndi athu oyankha. Ndikunena amene ankaimba yekha."

Ndinawerenga pepala langa kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, ndi Chilomwe changa chosakwanacho. Ngakhale ine ndinamva kuti mzere uliwonse ukuyankha chinthu chimene palibe. Amayi ndiwo ankatsogolera nyimbo imeneyi. M'kope analembamo zophunzitsa anzawo zokha. Zawo analibe chifukwa cholembera.

Ndinakwiya ndi amalume, ndi kope, ndi amayi omwe. Koma makamaka ndi ine mwini, amene ndinakhala m'tchalitchi momwemo zaka zonse zija iwo akuimba, nditazyolika ndi manyazi.

Tinafunsa azimayi achikulire a mumpingo. Wina anakumbukira chiyambi cha mzere umodzi, wina mawu awiri, n'kuyamba kutsutsana. Amalume ankadziwa kutalika kwa mzere uliwonse wa amayi, kumene ankayeza ndi ndodo ija, koma mawu ake ayi.

Mawa lake kumanda ana anaimba mzere, n'kudikira amalume agogode ndi ndodo, n'kuimba wina. Ndime zinalipo zinayi, ndipo palibe amene anatsogolera.