Nkhunda za pa keke ya mwana wanga

Malemu mkazi wanga ankapanga makeke a ukwati kunyumba kwathu ku Chipata, ine ndili womugwirira mbale. Atamwalira, ndinapitiriza ndekha. Choncho pamene mwana wathu wamkazi ankakonzekera ukwati, sindinakayike kuti nkhunda ziwiri za shuga za pa keke yake ndipanga ndine.

Koma iye anati, "Atate, amayi aang'ono akubwera kuchokera ku Mwami. Nawonso ayeseko, ndisankhe."

Ndinangoti chabwino. Mumtima simunali chabwino.

Ayisingi, phala la shuga lopangira nkhundazo, timapanga ndi choyera cha dzira, shuga wosefa ndi timadontho ta mandimu. Wojambulira malire a nkhunda pa pepala lamafuta amafunika wolimba, woti ukatukula supuni aziima ngati nyanga. Wodzazira m'kati umamusungunula ndi madzi, dontho limodzilimodzi. Akalimba sayala, akapyapyala amalumpha malire. Mkazi wanga ankadula mzere ndi mpeni m'mbalemo, n'kuchita chizindikiro cha mtanda mosafulumira. Mzerewo ukatsekeka pa Amen, ndiye kuti wakwana. Ndinkayesa kuti zimenezi tinkadziwa awiri basi.

Mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuyo, anafika ndi mbale yake. Malire ake anali okhotakhota, ndipo ndinakondwera mwakachetechete. Kenaka anadula mzere, dzanja n'kupita pamphumi.

"Mwazitenga kuti zimenezo, alamu?"

"Kwa achemwali, nanga kuti? Mumayesa anakwatiwa ndi nzeru zonse n'kuzitsekera m'kabati mwanu?"

Ine ndinadzaza nkhunda zanga nthawi yomweyo. Iye anavundikira mbale yake ndi kansalu konyowa n'kupita kukamwa tiyi. Atabwerako, tithovu tinali titayandama pamwamba. Anatiphwanya ndi supuni, nadzaza, ndipo totsalira anatiboola ndi singano.

"Achemwali ankati ayisingi naye amafuna kupuma. Sanakuuzeni?"

Sanandiuze. Zaka zonsezo, akavundikira mbale ankandituma kukasefa shuga wina, ine osafunsa.

Nkhunda zitauma, zanga zinali ndi mapiko okongola koma pathupi timaenje ngati zipsera za nthomba. Zake zinali zosalala ngati mbale yadothi ya m'sitolo. Mwana wanga anaziyang'ana nthawi yaitali, kuopa nkhope yanga.

"Tenga za mayi ako aang'ono," ndinatero.

Ine mwana wanga anandisiyira timikanda ta m'mphepete mwa keke, ntchito ya ayisingi wolimba, ndipo ndinaigwira bwino. Paphwando amayi a kutchalitchi anazungulira tebulo n'kumati, "Awa ndi manja a malemu enieni!" Ankaloza nkhunda.

Masiku ano nanenso ndimavundikira mbale, ndipo timaenje tinatha. Mlamu wanga sanandilakwire chilichonse, ndimamupempherera. Koma pamene ayisingi akupuma pansi pa kansalu, ndimakhala pampando n'kumadzifunsa kuti ndi zingati zina zimene awiriwo ankauzana ine ndili kusefa shuga.