Tsiku Limene Ndinapereka Dwangwa Yonse

Ndinayamba kulongedza mpunga m'mapaketi chaka chimene mchimwene wanga anamwalira. Ndinkagula wosapuntha kwa alimi a kumadambo, n'kukapunthitsa kuchigayo pa Boma. Ndikabwera nawo kunyumba ndinkaupeta, kusankha timiyala ndi wosweka, kenako kuuyeza pasikelo n'kumata mapaketi ndi kamakina kamagetsi. Mpunga wake unali kilombero, uja ukamapsa fungo limafika mpaka kwa aneba.

Munthu woyamba kundigulitsira anali mlamu wanga, mkazi wa malemuyo. Anali ndi okala ku Dwangwa, pafupi ndi pamene amaimikira maminibasi, ndipo ana amene mchimwene wanga anasiya ankadya kuchokera m'kaokala komweko. Iwo ndi amene anandiuza kuti, "Alamu, tabweretsani mapaketi ochepa tione ngati angayende." Anayendadi. Azimayi a kuesiteti ya nzimbe anazolowera kuti mpunga wosafuna kusankha umapezeka pa mlamu wanga, ndipo akabwera kudzagula mpunga ankatengeranso mchere, sopo ndi mafuta ophikira. Ndinkawatumizira pa minibasi, iwo n'kumandilipira akagulitsa. Sitinalemberanepo kalikonse.

Koma okala ndi okala. Nthawi yokolola ndinkagula mpunga wambiri, matumba n'kungokhala m'chipinda, ine n'kumaopa anankafumbwe. Ku Dwangwa komweko kunali shopu yaikulu ya bambo wina wachikulire, Msilamu mnzathu, amene kwawo kunali kuno ku Boma. Kumapeto kwa mwezi, anthu a kuesiteti akalandira, m'shopu mwake munkasowa popondera. Ndinkaganiza kuti mpunga wanga utangolowa mmenemo, matumba aja sangakhalitse.

Bambo a kunyumba kwanga ndi telala. M'mawa wina ndinakhala pabenchi pafupi ndi makina awo, iwo akusoka, ine ndikuwafotokozera zimene ndikufuna kukanena kwa mwini shopu uja.

"Mukawapatsa chiyani chimene alibe?" anandifunsa. "Mpunga ali nawo kale wa m'matumba."

Ndinayankha kuti wa m'matumbawo umafuna munthu woyeza, umatayikira pansi, ndiponso ogula amadandaula miyala. Wanga ndi wongonyamula pashelefu. Ndidzawapatsa pamtengo wopikulitsa kuti pa paketi iliyonse azipeza phindu looneka. Zonyamulira zidzakhala zanga. Katundu woyamba adzalipira akagulitsa, ndipo paketi yong'ambika kapena yolowa anankafumbwe ndidzasintha popanda kukangana.

"Nanga inu mukapempha chiyani? Musakangopereka basi ngati sadaka."

Pamenepo ndinali nditaganizapo. Ndinkafuna shelefu yoonekera munthu akangolowa pakhomo, osati pansi pakona. Ndinkafuna kuti asatsegule mapaketi anga n'kusakaniza ndi mpunga wina, ndiponso asagulitse motchipa kuposa mtengo umene tigwirizane. Katundu woyambayo akatha, wotsatira azilipira theka polandira, theka linalo pakatha milungu iwiri, chifukwa alimi ndi a chigayo sandidikira.

Bambowo anaimitsa makina. "Akakanena kuti muzigulitsa kwa iwo okha?"

"Sanganene zimenezo," ndinatero. Ndinkadziwa kuti akhoza kunena. Ndinangonyamuka kukaona mpunga umene ndinayanika.

Ndinapita Lachinayi, kupewa Lachisanu pamene eni shopu amakhala ndi za kumzikiti. Ndinatenga mapaketi a kilo imodzi, a makilo awiri ndi a makilo asanu, komanso mpunga wophika m'kakontena kuti alawe. Minibasi itandisiya, ndinadutsa kuseri kwa magolosale kuti mlamu asandione. Ndinadziuza kuti ndidzawaonera pobwerera nkhani itapsa.

Mwini shopuyo anandilandira m'kaofesi kake kodzaza makatoni. Titapatsana salamu ndi kufunsana za kumudzi, ndinayala mapaketi patebulo. Anatsegula imodzi, kuthira mpunga m'dzanja, kuununkhiza, kutafuna njere ziwiri. Wophika uja anadya pang'ono n'kugwedeza mutu.

"Mpungawu ndi wabwino, mayi. Koma mungakwanitse chaka chonse? Ambiri amabwera kuno nthawi yokolola, ikafika mvula sawonekanso. Ogula akazolowera chinthu, n'kuchipeza palibe, amakwiyira ine."

Ndinawauza za matumba amene ndinasunga, ndi alimi amene ndinkagwirizana nawo. Tinalimbana pa mtengo kwa nthawi ndithu. Iwo ankafuna nditsitse, ine ndinakana kutsika kupyola pamene ndinadziikira, koma ndinavomera kuchotserako pang'ono akaoda wambiri nthawi imodzi. Za shelefu anavomera. Za theka anati aona katundu woyamba akatha. Kenako anatsamira pampando, ndipo ine ndinaona ngati nkhani yonse ikuterereka.

"Vuto lake ndi ili," anatero. "Ine ndikupatsani shelefu yabwino, ndiwauze anyamata anga aziuchemerera, dzina lanu lidziwike. Mawa mukaupereka kwa aliyense mumsewu muno, wina n'kumagulitsa motchipa. Ndiye ine ndavutikira ndani?"

"Sindipereka kwa wina," ndinayankha msanga. "Dwangwa yonse ikhala yanu."

Mawuwo asanathe kutuluka, nkhope ya mlamu inali itandibwerera kale. Panali mpata wonena kuti pali kaokala kamodzi ka mkazi wamasiye wa mchimwene wanga, kameneko mukasiye. Koma bamboyo anali atayamba kumwetulira, ndipo ndinaopa kuti ndikawonjezera kanthu kumwetulirako kutha. M'malo mwake ndinalimba mtima pa zina. Ndinati ngati ndikudzitsekera misika ina, iwo alonjeze kuchuluka kwa mapaketi amene azitenga mwezi uliwonse, ndipo za theka zija avomere lero lomwe. Ndinatinso pangano likhale mpaka kukolola kwina, tikatero tidzakambiranenso. Zonsezo anavomera. Kalaliki wawo analemba papepala, tonse tinasaina. Pa zonse zokhudza ine ndinakambirana mochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Pobwerera sindinapite kwa mlamu. Ndinakakwerera minibasi kutsogolo, pafupi ndi pothirira mafuta. Kunyumba bambo anasangalala, koma atamva za Dwangwa yonse anangondiyang'ana n'kupitiriza kudula nsalu.

"Mukawauze nokha," anatero. "Asamvere kwa anthu."

Ndinazengereza sabata yathunthu. Mlamu anaimba foni kuti mpunga watha, ine n'kunena kuti kuchigayo kulibe magetsi. Tsiku lokapereka katundu woyamba kushopu ndi limene ndinapita kukawaona. Ndinawapeza akumanga shuga m'timapepala. Anandiyalira mkeka, kunditumira tiyi, kundifunsa za ana. Ndinayamba ndi kutali, za matumba, za anankafumbwe, za sukulu fizi. Iwo anandidula.

"Ndamva kale, alamu. Mwana wanga anaona mapaketi anu akutsitsidwa pashopu paja. Si zoipa, malonda ndi kukula. Anga mwabweretsa angati?"

Ndinawauza zoona zake. Anasiya kumanga shuga. Sanakweze mawu, sanalire.

"Munawauza kuti ine ndilipo?"

"Sindinawauze."

"Chabwino," anatero. "Imwani tiyi, azizira."

Ndinayesa kunena kuti akhoza kumakapikula kushopuko, kapena ndiziwathandiza ndi kenakake mwezi ukatha. Anati kupikula pamtengo wa shopu sangapeze kanthu, ndipo za kuthandizidwazo ayi, iwo ndi munthu wamalonda ngati ine. Anandiperekeza mpaka pamsewu monga mwa nthawi zonse, n'kundithandiza kukwera.

Mpunga unayenda m'shopu muja kuposa mmene ndinkayembekezera. Mwezi wa Ramadhani ndinalemba azimayi awiri oti azindithandiza kusankha. Tinakhoma malata atsopano. Koma ndikapita ku Dwangwa ndinkaona azimayi a kuesiteti aja akutuluka m'shopu yaikulu ndi mpunga wanga, pamodzi ndi mchere, sopo ndi mafuta zimene kale ankagula pa mlamu. Mashelefu a m'kaokala kaja anayamba kuoneka matabwa. Pa Idi ana a mchimwene wanga anabwera kwathu atavala zovala za chaka chatha, ndipo ndinawapakulira mpunga womwewo ndikulephera kuwayang'ana kumaso. Bambo a kunyumba anawasokera zatsopano osandifunsa.

Kukolola kwina kutafika, ndinapita kukakambirananso pangano. Ulendo uno ndinayamba ndi nkhani ya mlamu, tisanakhudze za mitengo. Ndinapempha kuti mapaketi aang'ono a kilo imodzi ndizithanso kupereka ku okala imodzi yokha, pamtengo wogulitsira wofanana ndi wawo.

Bamboyo anadabwa. "Mayi aja a pamaminibasi? Amene amuna awo tinkaswali nawo limodzi kumzikiti? Ndi alamu anu?"

"Ee."

"Mayi, bwanji simunanene chaka chatha? Ine ndinkaopa mashopu anzanga awa, osati okala ya mayi wamasiye. Ndikanavomera pomwepo."

Anauza kalaliki kuti awonjezere mzere umenewo, ndipo nkhani imene inandilemera chaka chonse inatha iwo asanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Ndinapita molunjika kwa mlamu nditanyamula katoni ya mapaketi pamutu. Ndinapeza okala ija muli munthu wina, akugulitsa mayunitsi ndi kutchaja mafoni. Anandilozera kumsika. Mlamu anali atabwereketsa okalayo, iwo n'kuyamba kugulitsa usipa wouma umene ankakapikula kunyanja m'mamawa. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa benchi, chitenje chili kumutu chifukwa cha dzuwa, akuika usipa m'milu.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Zikomo, alamu. Koma mpunga ndiuika pati pano? Utenga fungo la nsomba. Ndiponso makasitomala aja anazolowera kwina."

"Mutabwerera mu okala muja?"

"Mwina chaka chamawa. Usipawu ukundidyetsa, sindikudandaula."

Anatenga paketi imodzi yokha, yoti akaphikire ana, ndipo anaumirira kulipira. Ine ndinakana, iwo n'kundithirira usipa m'jumbo wopitirira mtengo wa paketiyo. Katoni ija ndinakaisiya kushopu yaikulu.

Mu okala muja sanabwereremo. Mpaka pano timayenderana pamaliro ndi paukwati, timaseka, ana awo amabwera kwathu patchuthi. Mwana wawo wamkulu anamaliza sekondale ndi ndalama za usipa. Mpunga wanga tsopano uli m'mashopu angapo kuyambira pa Boma mpaka ku Dwangwa, ndipo mlamu akafuna wa ukwati kapena wa sadaka amatuma mwana kudzagula pamtengo wa aliyense. Za malonda awo amakambirana ndi anzawo a kumsika. Ine amangondiuza kuti zikuyenda.