Mzere wobisika pa resibu ya ku Cuamba

Ine ndimaphunzitsa ku Mandimba, koma kwathu ndi ku Ngauma, kufupi ndi Massangulo. Alimi akumudzi atapanga gulu logulira zinthu pamodzi, anandisankha kukhala mlembi, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma poti ndili ndi kompyuta. Wokagula katundu anali alamu anga, mkazi wa malemu achimwene. Sadziwa kuwerenga, koma pa nkhani yonenerera mitengo palibe wowaposa. Kwa zaka zambiri akhala akugula pa loja imodzi, sitolo ya ku Cuamba, ndipo mwini wake amamutchula kuti m'bale.

Chaka chomwe ndikunenachi gulu linawapatsa metikali 45,000. Anagula, nabweza 3,500, katundu n'kufika bwinobwino. Madzulo ake anandiimbira akusekerera.

"Alamu, mwamva? M'bale wanga uja watipatsa basela. Katundu yense wakwera galimoto ya loja mpaka pamphambano ya Massangulo, ulere!"

Basela timaidziwa tonse. Ukagula tomato, wogulitsa amakuponyera wina pamwamba. Koma basela ya galimoto inali isanamvekepo, ndipo alamu anaifalitsa kuchigayo, kutchalitchi, paliponse.

Resibu, lisiti la ku loja kuja, anaijambulitsa pa foni ya aneba awo n'kunditumizira. Ntchito yanga inali yosavuta. Pali pulogalamu yomwe imawerenga malemba a pachithunzi n'kuwaika m'tabela ya mizati inayi: dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi mtengo wa mzere wonse. Ikatero ndimakopera tabelayo m'tsamba lowerengetsera ndalama pa kompyuta. Makinawo sindiwakhulupirira kwenikweni, ndiye mzere uliwonse ndimauyesa pochulukitsa kuchuluka ndi mtengo. Tsikulo anawerenga makasu 72 pomwe anali 12, chifukwa inki inazilala, ndipo ndinawagwira poona kuti makasu 72 a 250 sangakwane 3,000. Ndinakonza, n'kudzitama ndekha m'nyumba.

Inatuluka mizere inayi. Adubu, ndiye kuti feteleza, matumba 10, 28,000. Mbewu ya chimanga mapaketi 20, 5,000. Makasu 12, 3,000. Mapampu opopera 2, 3,000. Kuphatikiza, 39,000. Koma pansi pa resibu panalembedwa 41,500. Ndinaganiza za msonkho, koma resibuyo inanena yokha kuti msonkho uli kale m'mitengo. Ndinaphatikizanso kachiwiri, 2,500 osaoneka.

Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. M'malo moimbira alamu, ndinatumiza tabelayo kwa apulezidenti a gulu, pansi n'kulemba kuti "2,500 sizikudziwika". Ndinkaona ngati ndikugwira ntchito mwaukhondo. Apulezidenti anawerenga katundu m'nkhokwe, napeza kuti akufanana ndendende ndi tabela yanga. Basi, nkhani inapsa. Anthu anayamba kunena kuti alamu anagwirizana ndi wa loja kukweza chiwerengero chapansi n'kugawana. Anaitanitsa msonkhano Lamlungu woti awachotse pa udindo.

Lachisanu alamu anandiimbira. Sanakalipe.

"Alamu, akuti pepala lanu likuti ndaba."

"Silikutero, alamu. Likungoti ndalama zina sizikuoneka."

"Kumudzi kuno zimenezo n'chimodzimodzi."

Loweruka m'mawa ndinakwera shapa, minibasi ya kuno. M'njira ndinatsegulanso chithunzi chija n'kuchikuza ndi zala. Pakati pa makasu ndi mapampu panali kamzere kakuda kopingasa, komwe poyamba ndinkati ndi mthunzi. Ndinaonanso timadontho ta inki titasuzumira m'mphepete mwake, ngati mitu ya malemba odulidwa. Masiku onsewa ndinkayang'ana manambala, pepala lenilenilo osaliyang'ana.

Alamu ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinapempha resibu, iwo n'kumasula mfundo ya pakona ya kapulana, chitenje chawo, momwe amayi akwathu amasungira ndalama ndi chilichonse chofunika. Kapepala kanatuluka katapindidwa kangapo, kakang'ono ngati njere ya nyemba. Atakatambasula pabondo, khwinya limodzi lapakati linatsalabe lopindika, pepala litakwerana lokha. Umu ndi momwe linajambulidwira.

"Ndilisite?" anafunsa.

"Ayi ndithu! Pepala la makina a m'loja likamva moto limada lonse."

Ndinaliwongola pang'onopang'ono ndi chikhadabo, ndinaliika patebulo, n'kulitsindika ndi galasi lomwe tinasolola pa zenera. Tinatulutsa tebulo pamthunzi kuti galasi lisanyezimire, ndipo ndinajambula foni ili pamwamba mowongoka. Pulogalamu inatulutsa mizere isanu. Wachisanuwo unali pakati pa makasu ndi mapampu, wolembedwa m'Chipwitikizi: mayendedwe, 1, 2,500. Kuphatikiza, 41,500, osatsala ngakhale sentavu.

Ndinasangalala, ndinafuula kuti, "Zapezeka, alamu!" Kenaka ndinazindikira chomwe ndapeza, chimwemwe n'kutheratu.

"Zinali kuti?"

"Ndi za galimoto."

"Galimoto iti? Ija inali basela."

"Anakulipiritsani, alamu. Zalembedwa apa."

Anayang'ana pomwe ndinaloza, ngakhale malembawo sakanawauza kanthu. Kenaka anafotokoza motsitsa mawu kuti mwini loja anangoti, "Za galimoto musadandaule, mayi, ndakonza kale," iwo n'kuwomba m'manja kuthokoza. Wa pamakina atatchula ndalama yonse, anapereka osafunsa, poti m'bale safunsidwa. Sabata yotsatira anamutumizira nkhuku yoyamikira kudzera kwa woyendetsa galimotoyo.

"Tambala wanga wofiira uja," anatero, n'kuseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

Zinandiwawa. Mwina munthuyo sananame n'komwe, anangolankhula mwa malonda, koma alamu anali atauza mudzi wonse kuti ku Cuamba amalemekezedwa. Ndinayesa kuwapeputsira.

"Mawa ndingonena kuti ndinalakwitsa ndine, pepala linapindika, ndalama zakwana. Mzerewo sindiuwerenga."

"Ndiye akafunsa kuti zinapita kuti?"

Anapukuta manja pa kapulana nati, "Mukauwerenge, alamu. Mokweza."

Lamlungu tinasonkhana m'kalasi ya pasukulu mapemphero atatha. Ndinayamba ndi kupepesa kuti ndinatumiza tabela yosakwana ndisanaone pepala lenileni, ndiponso ndisanafunse mwini wake. Ndinakweza resibu kuti aone khwinya lija, n'kuwerenga mizere yonse isanu umodziumodzi. Nditafika pa mayendedwe, bambo wina kumbuyo anati, "Aa, si ija inali basela?" Ena anaseka. Alamu anaimirira, nadikira mpaka kuseka kutatha.

"Inde, ndinakuuzani kuti ndi basela. Ndinapusa, ndipo ndinaperekanso tambala. Sekani ndithu, n'zoseketsa. Koma amene ananena kuti ndaba, anene tsopano ndili pano."

Apulezidenti anayang'ana pansi, nakhosomola, n'kunena kuti amayi apitirize udindo wawo. Anthu anawomba m'manja mwamanyazi.

Pobwerera tinayenda awiri. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Tili pafupi kufika kunyumba anaima, osandiyang'ana.

"Wa loja ndi wa loja, amafuna ndalama," anatero. "Koma inu alamu, nambala yanga muli nayo."