Banga loyera pa tsiku la madokotala a maso

Mayi akunyumba atayamba kuona mwachimbuuzi, tinamva kuti madokotala a maso abwera ku boma kudzachotsa anthu ng'ala. Kuchokera kwathu ku Thambani si ulendo wongonyamuka osadziwa tsiku, choncho ndinapempha mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene amagulitsa zovala ku bomako, kuti andijambulire pa foni chidziwitso chimene anapachika kumeneko.

Chithunzi chinafika, koma pamene panalembedwa tsiku panali banga loyera mbee. Ndinakwiya, n'kumuimbira.

"Iwe, ndakutuma kukajambula dzuwa?"

"Amalume, pepalalo analimata pulasitiki, komanso lili m'galasi. Ndilitani ine?"

Zinandidabwitsa. Ine sinditaya pepala, ndipo setifiketi yathu ya ukwati ili m'galasi momwemo. Ndinaitsitsa pakhoma, n'kuyamba kuijambula pakhonde. Nditaima maso ndi maso nayo, kuwala kunameza dzina langa. Nditasendera kumanzere, bangalo linasamukira pa siginecha ya abusa, dzina n'kutulukira. Kani kuwala kumayenda ndi wojambula, pomwe mawu amakhala pamalo pake!

Ndinaimbanso foni.

"Uzimitse kagetsi ka kamera. Ujambule utaima chakumanzere, kenako chakumanja. Ambulera yako itchinge kuwala."

"Mwasanduka wojambula liti, amalume?" anaseka.

Zithunzi zonse ziwiri zinali ndi kabanga, koma pamalo osiyana. Ndinakopera mawuwo papepala mzere ndi mzere, chosowa apa n'kuchipeza apo. Tsikulo linali Lachitatu, m'mawa. Lachiwiri masana ndinakweza mayi papikapu, tikagone ku boma.