Chigafa cha ku Kasakula ndi ziro wa bwana wanga

Chaka chomwe ndinayamba ntchito pakampani kakang'ono koyeza malo, komiti ya sukulu ina ya mpingo kufupi ndi Kasakula ku Ntchisi inatiitana. Inkafuna kumanga mpanda, ndipo panali kukokanakokana ndi bambo wina wolima fodya amene munda wake unali kumtunda, paphiri. Chomwe chinali pakamwa pa aliyense ndi chigafa chake: chili m'malo a sukulu kapena ayi? Chikapezeka m'malo a sukulu, chigwetsedwa.

Tinayeza mabikoni a malire ndi jipiesi, tinaulutsa droni kuchokera pabwalo la mpira la sukulu, ikajambula pamwamba pa munda wa bamboyo, kamera itayang'ana pansi ndendende. Chotsala chinali kusonyeza mabikoniwo pachithunzi. Bwana wanga anati achita okha. Ine ananditumiza ku Bowe kukayeza kwina.

Nditabwera Lolemba, ndinapeza chithunzi chili patebulo, mzere wofiira wa malire utameza chigafa chonse. Iii! Ine ndinaima pabikoni ya pamenepo ndi miyendo yangayi, chigafa chili uko mbali ya mwini wake.

Ntchitoyi si ufiti. Bikoni iliyonse ili ndi manambala atatu: X, Y ndi Z, yemwe ndi kukwera kwa malowo. Umawonjezera 1 kumapeto kuti akhale anayi, chifukwa 1 ameneyo ndi amene amalola kuti pomwe kamera yaima palowe m'kuchulukitsa komweko. Ukachulukitsa ndi matirikisi ya kamera, yomwe ndi tebulo la mizere itatu ya manambala anayianayi, umapeza manambala atatu. Ugawe awiri oyambawo ndi nambala yachitatu, basi wapeza pomwe bikoni igwere pachithunzi. Yachitatuyo ndi mtunda wa kutsogolo kwa kamera. N'chifukwa chake chinthu chapafupi chimaoneka chachikulu.

Ndinatsegula fayilo ya mabikoni pakompyuta. Z yense anali ziro, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Bwana, kukwera kwa mabikoni kwapita kuti?"

"Ndinachotsa. Chithunzi n'chafulati, kukwera n'kwa chiyani? Ndachita chonchi zaka zambiri."

Zaka zambiri, inde, m'minda ya mpunga ya kuchigwa komwe nthaka ili see ngati mphasa. Kumeneko ziro sanawalumepo. Koma ku Ntchisi, abale inu, komwe ngakhale mbuzi imapumira panjira!

Ndinatenga pepala. Droni inali mamita 100 pamwamba pa bwalo la sukulu, pomwe tinkawerengera ziro. Bikoni ya pafupi ndi chigafa inali mamita 40 pamwamba pa bwalolo, ndiye mtunda wake kuchokera pakamera unali 60, osati 100. Inali mamita 30 cham'mbali kuchokera pansi pa droni, ndipo nambala ya lenzi ya kamera yathu inali mapikiseli (timadontho ta chithunzi) 3,000. Kuchulukitsa 3,000 ndi 30 n'kugawa ndi 60, bikoni igwe mapikiseli 1,500 kuchokera pakati pa chithunzi. Bwana anagawa ndi 100, napeza 900. Mapikiseli 600 amenewo paphiripo ndi mamita 12, ndipo mzere unakokeredwa pakati pa chithunzi, m'munda mwa munthu.

Bwana anayang'ana pepalalo, magalasi ali pamphuno.

"Kompyuta sinadandaule," anatero.

"Ingadandaule bwanji? Mwaiuza kuti phiri kulibe, yakukhulupirirani!"

Ndinali nditapsa mtima moti ulemu unandipulumuka. Kenako anandiuza, ngati nkhani yaing'ono, kuti chithunzi china anachipereka kale kwa wapampando wa komiti Lachisanu.

Ndinabwezeramo Z, mzere unabwerera pamalo pake, chigafa chinatsala kwa mwini wake. Ndinasindikiza, ndinakwera njinga yamoto. Mvula inali itagwa m'mawa, msewu uli phala lokhalokha. Ndinagwa kawiri, ndinatukwana kangapo, ngakhale ndinakulira mu kwaya.

Ndinapeza bambo uja ali pamakwerero, akusasula udzu. Theka la denga linali pansi. Fodya anali atamuunjika pakhonde la nyumba, atamufunditsa pulasitiki yong'ambika, masamba apamwamba atada kale ndi madzi.

"Bambo, tsikani! Chigafa n'chanu, chithunzi chija chinalakwika!"

Anatsika pang'onopang'ono, napukuta manja pabuluku, nalandira pepala langa ndi manja awiri.

"Akukakamizani ndani kuti mugwetse?" ndinafunsa.

"Palibe. Akomiti anationetsa chithunzi dzulo tikutuluka m'tchalitchi. Ine ndine mkulu wa mpingo, mwanangu. Ndikanakhala bwanji kutsogolo, anthu onse ataona kuti ndinaba malo a ana?"

Ndinayamba kufotokoza za kukwera kwa phiri ndi kugawa, mawu akungotuluka mothamanga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anayang'ana mulu wa fodya uja.

"Ndamva. Nanga anthu aja akawauze ndani? Chithunzi chinazungulira tchalitchi chonse."

Ndinavula jekete langa lamatope n'kuyamba kutola udzu.