60 Peresenti ya ku Chinsapo

Ntchito ya ukalaliki pabekale ina ndinaiyamba mwana wanga akadali kubere. Ndinkamusiya kwa alamu ku Area 23, ine pa minibasi, satifiketi yakukoleji ili m'chikwama ngati wina andifunsa panjira.

Chaka chitatha, abwana anandiuza kuti ndiwerengere kuchuluka kwa anthu osiya ntchito pa nthambi iliyonse. Anali atangobwera kuchokera kusemina. Kapitawo amene nambala yake ikwere, anatero, aona msana wa njira.

Masamu ake si ovuta. Ku Chinsapo chaka chinayamba ndi antchito 18, chinatha ndi 22. Kuphatikiza, kugawa pawiri, 20. Amene anachoka m'chakacho anali 12. Ukagawa 12 ndi 20 n'kuchulukitsa ndi 100, ikutuluka 60 peresenti. Ku Kawale kunatuluka 8 peresenti basi. Ndinabwereza kangapo pa kakyuleta, mkaka ukudontha m'bulauzi, koma nambala sinasinthe.

Chinandipweteka n'chakuti anthu 12 aja ndinkawadziwa. Ambiri anali ochokera m'midzi ya kufupi konkuno. Mvula ikayandikira ankatsanzika kukalima, akakolola n'kubwerera, ndipo kapitawo wawo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ankawalandiranso chifukwa uvuni ankaudziwa kale. Koma m'masamu aja aliyense wa iwo anali "wochoka". Ku Kawale kunachoka awiri okha, inde, koma anali okanda ufa aluso kwambiri, ndipo anachoka atatukwanidwa. Buledi wa kumeneko anali atayamba kale kubwezedwa m'magolosale.

Ndinalowa muofesi ya abwana. Ndinafotokoza kuti nambalayi imangonena kuti achoka angati. Sinena kuti ndani, chifukwa chiyani, kapena ngati adzabwerera. Ndinapempha kuti tisiyanitse olima, ochotsedwa ndi othawa.

"Mayi, kukoleji anakuphunzitsani masamu kapena ulimi?"

Ndinayankha kuti masamu. Ndikanatani? Ndinali ndisanalembedwe ntchito yokhazikika, ndipo phala la mwana silidikira mkangano.

Komabe kapitawo wa ku Chinsapo uja sanamuchotse tsiku limenelo. Anamuitana, n'kumuuza kuti chaka chamawa nambala itsike kapena alongedze. Potuluka, kapitawoyo anaima pa desiki panga, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, ndiye kuti munthu akapita kukabzala chimanga chake, mlandu ndi wanga?"

Ndinangoyang'ana kakyuleta.

Atakolola, olima aja anabwera pageti monga mwa nthawi zonse, kapitawo n'kuwabweza onse. Analemba anyamata a m'tauni opanda munda, oti sangapite kulikonse. Chaka chotsatira nambala ya ku Chinsapo inatsika, kapitawo ntchito yake inapulumuka, abwana mpaka anamugwira chanza pamsonkhano.

Buledi wa ku Chinsapo ndinasiya kugulira mwana wanga. Kunja ankapserera, m'kati muli phala.