Imelo yopita kwa aphunzitsi a ku Nambuma

Ndinkagulitsa mabuku ndi makope mu shopu ya malume ku Kabudula. Tsiku lina ndinaona pa kompyuta kuti aphunzitsi ena a ku Nambuma, omwe ankaoda makope mwezi uliwonse, anali asanagule kanthu kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinawalembera imelo yodzaza mitengo yotsitsidwa. Malume ataiwerenga anati, “Kodi munthu wasowa chonchi, iwe ukuyamba ndi mitengo? Yamba wamufunsa ngati ali bwino.”

Ndinafufuta zonse. Ndinangolemba kuti tawasowa, kuti makope a mizere ikuluikulu omwe amawakonda afika, ndipo ngati safuna mauthenga athu atiuze, tisiya.

Patapita masiku atatu, yankho linabwera. Aphunzitsiwo anati maso awo anachita khungu, ndipo anasiya kuphunzitsa. Imeloyo anawawerengera ndi akazi awo, katatu konse, ndipo yankholi anawalemberanso ndi iwowo. Anapempha makope awiri, chifukwa mayiwo anayamba kulemba nyimbo zonse za kwaya zomwe bambowo anapeka, zomwe zinali m’mutu mwawo mokha.

Ndinawaonetsa malume yankholo. Makopewo malume anakapereka okha pa njinga yamoto, nabwerako madzulo akung’ung’udza nyimbo ya ku tchalitchi, chikhalirecho iwo ndi Msilamu.